Mutu 9: Kodi Makina Abweza Liti Mpamba?

Munthu amene wasunga kapena wabwereka ndalama kuti agule chigayo, makina osokera, firiji ya mugolosale kapena makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa amakhala ndi funso limodzi lomusowetsa tulo: kodi ndalama zangazi zibwerera liti? Ambiri amaliyankha pogawa mtengo wa makinawo ndi ndalama zimene akuyembekeza kupeza pachaka, ndipo yankho lake amalitcha nthawi yobweza mpamba. Masamu ake ndi ofewa, ongofunika cholembera ndi kapepala, n'chifukwa chake afala kuyambira kwa wogulitsa pamsika mpaka kwa akuluakulu a makampani. Mfundo ya mutu uno ndi yakuti kawerengedwe kachiduleka kamanena zoona pang'ono chabe m'dziko limene ndalama ili ndi mtengo wokwera ngati kuno ku Malawi. Kamalengeza kuti mpamba wabwerera pamene ngongole idakali pakhosi. Pali kawerengedwe kena, kamene tikatche kochotsera, kamene kamakonza vutoli, ndipo wabizinesi wamng'ono sayenera kupereka ndalama kwa wogulitsa makina asanakagwiritse ntchito. Tiona zonsezi pa chitsanzo chimodzi, cha chigayo chamagetsi pa tireding'i senta, ndi manambala ongoyerekezera amene wowerenga angasinthe n'kuikapo ake.

Tiyambe ndi mpamba weniweniwo, chifukwa cholakwa choyamba chimachitikira pomwepa. Mpamba si mtengo wolembedwa pa makina kusitolo ayi. Ndi ndalama zonse zimene zidzatuluka m'thumba ndowa yoyamba ya chimanga isanagayidwe. Tinene kuti chigayo chogaya ndi chokonola pamodzi ndi mamota ake zikugulidwa K12,000,000. Nyumba yake, yokhala ndi simenti yolimba poikapo makinawo, ikudya K4,000,000. Kukokera magetsi amphamvu oyendetsa mamota ndi kuika mawaya kukudya K3,000,000. Patsala K1,000,000 ya mayendedwe a katunduyo, ya mmisiri wodzamanga, ndi ya masefa, malamba ndi girisi zoyambira. Zonse pamodzi ndi K20,000,000. Amene angawerengere K12,000,000 yokha adzinamiza ndi pafupifupi theka, ndipo masamu onse otsatira adzakhala okhota ngakhale atawerengedwa mosamala motani.

Chachiwiri ndi ndalama zotsala pachaka. Tinene kuti pa chigayopa pamabwera ndowa 60 patsiku tikaphatikiza masiku odzaza ndi masiku ouma, ndowa iliyonse K1,500, kwa masiku 300 pachaka. Zolowa ndi K27,000,000. Magetsi akutenga K9,000,000, malipiro a anyamata ogaya ndi mlonda K3,600,000, masefa ong'ambika, mahamala otha, malamba, mabering'i ndi amisiri K2,400,000, lendi ya malo, ziphaso ndi msonkho K1,600,000. Mwini wake amene amakhala pachigayopo kulandira ndalama tsiku lonse ayeneranso kudzilembera malipiro, tinene K2,400,000, chifukwa akanapanda kukhala pamenepo akanagwira ntchito ina kapena akanalemba munthu. Zotuluka zonse ndi K19,000,000, ndipo zotsala ndi K8,000,000 pachaka. Pali zinthu ziwiri zimene sitichotsa pano. Sitichotsa ndalama imene olemba mabuku a zachuma amaika pambali chaka ndi chaka monga kutha kwa makina, chifukwa imeneyo siituluka m'thumba ndipo mtengo wa makinawo tauwerengera kale wonse poyamba. Sitichotsanso chiwongoladzanja cha ngongole, chifukwa chili ndi malo ake amene tifikepo posachedwa, ndipo kuchichotsa kawiri n'kudzipweteka chabe.

Kawerengedwe kachidule tsopano n'kapafupi. K20,000,000 tikaigawa ndi K8,000,000 tipeza zaka ziwiri ndi theka. Ndalama zikamasiyana chaka ndi chaka sitigawa kamodzi, koma timaphatikiza zotsala za chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu mpaka zitakwana mpamba. Zaka ziwiri ndi theka zimamveka bwino m'khutu, ndipo wogulitsa makina aliyense angakonde kuti wogula aimire pomwepa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere ya m'masamuwa ndi yakuti K8,000,000 ya chaka chachitatu yawerengedwa ngati yofanana mphamvu ndi K8,000,000 imene ili m'manja lero, ngati kuti kudikira kulibe mtengo.

Mtengo wa kudikira

Kudikira kuli ndi mtengo, ndipo dzina lake ndi chiwongoladzanja. Mu February 2024 Banki Yaikulu ya dziko lino inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki obwereketsa anthu amaonjezerapo gawo lao akamapereka ngongole kwa wabizinesi wamng'ono. Choncho sitikukokomeza tikatenga 30 peresenti pachaka monga mtengo wa ndalama m'chitsanzo chathu. Tanthauzo lake ndi lakuti K100 ya lero ndi yofanana ndi K130 ya chaka chamawa. Tikabwerera chambuyo, K130 ya chaka chamawa ndi K100 yokha ya lero. Kuchotsera ndi kumeneku: kutenga ndalama yam'tsogolo n'kuibweza pa mphamvu yake ya lero. Ya chaka chimodzi kutsogolo timaigawa ndi 1.3 kamodzi, ya zaka ziwiri timaigawa ndi 1.3 kawiri, ya zaka zitatu katatu, n'kumapitirira choncho. Pa foni yokhala ndi chowerengera n'zotheka popanda vuto. Amene ali ndi kompyuta angalembe chaka m'bokosi A2 ndi ndalama m'bokosi B2, kenaka m'bokosi lachitatu n'kulemba motere:

```
=B2/(1+0.3)^A2
```

Tikachita zimenezi pa chigayo chathu, K8,000,000 ya chaka choyamba ikhala pafupifupi K6,154,000. Ya chaka chachiwiri ikhala K4,734,000, ya chachitatu K3,641,000. Kufika apa, pamene kawerengedwe kachidule kanati mpamba unabwerera kalekale, tasonkhanitsa K14,529,000 yokha mwa K20,000,000. Chaka chachinayi chionjezera K2,801,000, chachisanu K2,155,000, ndipo zonse zifika K19,485,000. Patsalabe K515,000. Chaka chachisanu ndi chimodzi chibweretsa K1,657,000, ndipo yotsalayo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imeneyi. Yankho ndi zaka zisanu ndi miyezi inayi. Chigayo ndi chomwecho, chimanga ndi chomwecho, koma nthawi yapitirira kuwirikiza kawiri.

Wina angakayikire kuti kugawa ndi 1.3 ndi masewera a ophunzira chabe. Pali njira yoyesera imene aliyense amene anakhalapo ndi ngongole angaimve. Tiyerekeze kuti K20,000,000 yonse ndi yobwereka pa 30 peresenti, ndipo pakutha pa chaka mwini chigayo amapereka kubanki K8,000,000 yonse osadyapo. Chaka choyamba ngongole ikula kufika K26,000,000, akalipira itsala K18,000,000. Chaka chachiwiri ikula kufika K23,400,000 n'kutsala K15,400,000. Chachitatu itsala K12,020,000, chachinayi K7,626,000, chachisanu pafupifupi K1,914,000, ndipo imalizika m'chaka chachisanu ndi chimodzi. Njira ziwirizi zakumana pamalo amodzi, ndipo sizinangochitika mwangozi. Nthawi yobweza mpamba yochotsera ndi tsiku limene makina akanamaliza kubweza ngongole yake pamodzi ndi chiwongoladzanja. Lisanafike tsikulo, mwini chigayo akugayira abanki. Likapitirira m'pamene ufa uyamba kugwera m'lichero lake.

Malire amene sangadumphike

M'masamu a ngongolewa muli mfundo imene ndikuiona kuti ndi yofunika kuposa zonse m'mutu uno. Chiwongoladzanja cha chaka choyamba chinali K6,000,000, ndipo mwa K8,000,000 imene chigayo chinapeza, K2,000,000 yokha ndi imene inachepetsa ngongole. Nanga chigayocho chikanamapeza K6,000,000 pachaka? Kawerengedwe kachidule kakanati mpamba ubwerera pa zaka zitatu ndi miyezi inayi, zimene sizikumveka zoopsa, kungoonjezera miyezi khumi pa yankho loyamba lija. Koma ndalama yonseyo ikanathera ku chiwongoladzanja, ngongole n'kukhalabe K20,000,000 chaka ndi chaka mpaka makina atachita dzimbiri. Apa tapeza lamulo losavuta kusunga pamtima. Tengani 100 mugawe ndi chiwongoladzanja cha pachaka. Zaka zimene mwapezazo ndi malire. Ngati ndalama zotsala sizikusintha chaka ndi chaka, makina alionse amene nthawi yake yachidule ifika kapena kupitirira malirewo sadzabweza mpamba ngakhale atakhala zaka makumi asanu. Pa 30 peresenti malire ndi zaka zitatu ndi miyezi inayi, pa 20 peresenti ndi zaka zisanu, pa 10 peresenti ndi zaka khumi.

Tsopano taonani mmene K2,000,000 yotchinga chigayo chathu ku malirewo ilili yopyapyala. Ndowa iliyonse imene sinabwere imachotsa pafupifupi K1,000, ndiye kuti K1,500 yolipira kuchotsapo K500 ya magetsi amene sanagwire ntchito. Malipiro ndi lendi sizitsika chifukwa choti anthu achepa. Kuti K2,000,000 ithe pafunika kungotaya ndowa 2,000 pachaka, zomwe ndi pafupifupi ndowa zisanu ndi ziwiri patsiku mwa 60 zija. Chigayo china chikatsegulidwa kutsidya kwa msewu, kutaya ndowa zisanu ndi ziwiri si nkhani yachilendo. Zingathenso kuchitika ndi magetsi. Tsiku lathunthu lopanda magetsi limatenga K60,000, choncho masiku 33 pachaka akwana kumeza K2,000,000 ngati anthu anyamula chimanga chao kupita ku chigayo cha dizilo. Dziko lino linaona zoterezi pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kawerengedwe kachidule kamaonetsa zonsezi ngati kuchedwa kwa miyezi ingapo. Kochotsera kamaonetsa kuti pali phompho, ndiponso kuti lili pafupi bwanji ndi phazi.

Zotsutsa zimene zili ndi mphamvu

Chotsutsa choyamba chimachokera kwa amene sanabwereke. Iye amati: ndalamayi ndi yanga, ndinagulitsa fodya ndi ng'ombe, palibe banki imene ikundilondola, ndiye chiwongoladzanja chikundikhudza bwanji? Yankho ndi lakuti ndalama ya m'thumba ilinso ndi mtengo, kungoti palibe amene amabwera ndi kalata kudzautolera. Mtengo wake ndi phindu limene ikanabweretsa ikanapita kwina. Mu 2024 boma linkabwereka ndalama kwa chaka chimodzi pa chiwongoladzanja cha pafupifupi 26 peresenti, popanda wobwereketsayo kudzuka m'mamawa kukatsegula chigayo kapena kukangana ndi anyamata za ndalama zosowa. Amene waika K20,000,000 yake m'makina wasiya phindu limenelo, ndipo makinawo ayenera kulibweza asananenedwe kuti apindula. Kusiyana kulipo ndithu: wa ndalama zake salandidwa nyumba zinthu zikavuta, ndipo angadikire mopanda mantha. Koma kudikira mopanda mantha si kudikira kwaulere. Chimene wotsutsayu angachite mwachilungamo ndi kusankha chiwongoladzanja chogwirizana ndi kumene ndalama yake ikanapitadi, osati kuika ziro. Mbali inayo, amene akuganiza zogula makina ndi ndalama ya katapila kapena ya banki mkhonde ayese lamulo la malire lija pa mwezi. Ngati ngongoleyo ndi ya 10 peresenti pamwezi, malire ndi miyezi khumi, ndipo chigayo chathu chimene chimapeza pafupifupi K667,000 pamwezi chingamafunike kulipira K2,000,000 ya chiwongoladzanja chokha. Ngongole zoterezi zingathandize geni yogula lero n'kugulitsa sabata yamawa, koma sizigulira makina.

Chotsutsa chachiwiri ndi champhamvu kwambiri, ndipo ndiyenera kuvomera kuti mbali yaikulu n'choona. Chiwongoladzanja chathu n'chokwera chifukwa mitengo ya zinthu imakwera, ndipo mitengo ikamakwera mtengo wogaitsira nawo sukhala pa K1,500 kwa zaka zisanu. Kusunga K8,000,000 osasintha kwinaku tikugawa ndi 1.3 ndi kulanga chigayo mopitirira. Tiyeni tikonze. Tinene kuti zolowa ndi zotuluka zonse zikukwera ndi 20 peresenti pachaka. Zotsala zikhala K8,000,000, kenaka K9,600,000, kenaka K11,520,000, kenaka K13,824,000. Tikazichotsera pa 30 peresenti tipeza K6,154,000, K5,680,000, K5,244,000 ndi K4,840,000, ndipo mpamba ukwana pa zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Malire nawo asuntha, chifukwa tsopano 100 tiigawa ndi kusiyana kwa 30 ndi 20, n'kupeza zaka khumi. Phunziro lake ndi lakuti manambala awiriwa ayenera kuyendera limodzi: ngati chiwongoladzanja chili ndi kukwera kwa mitengo m'kati mwake, ndalama zoyembekezeredwa nazo zilembedwe m'makwacha amene adzalandiridwedi chaka chimenecho.

Koma wotsutsayu asafulumire kuvina. Iye wayerekeza kuti mtengo wogaitsira udzakwera mofanana ndi zotuluka, ndipo zimenezi sizili m'manja mwa mwini chigayo. Mamota, mabering'i ndi malamba ambiri amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira kwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wogulitsa zitsulo amasintha mitengo sabata yomweyo, koma mayi wosenza ndowa ya chimanga alibe ndalama yoonjezera sabata yomweyo, ndipo mtengo ukakwera amasiya kukonoletsa n'kumangogaitsa mgaiwa, kapena amayenda mtunda kukafuna kotsika. Tiyese zolowa zokwera ndi 20 peresenti koma zotuluka zokwera ndi 30. Chaka chachiwiri zolowa ndi K32,400,000, zotuluka K24,700,000, zotsala K7,700,000. Chaka chachitatu zolowa ndi K38,880,000, zotuluka K32,110,000, zotsala K6,770,000. Ndalama zodutsa m'manja zikuchuluka, mwini wake akuoneka wolemera, koma zotsala zikuchepa ndipo mpamba sudzabwerera. Choncho kukwera kwa mitengo si chifukwa chosiyira kuchotsera. Ndi chifukwa chowerengera katatu: pamene mitengo yonse ikuyendera limodzi, pamene zotsala zangoima, ndi pamene zotuluka zathamanga kuposa zolowa. Chigayo chimene chikubweza mpamba m'njira yoyamba yokha ndi juga yobetcherana ndi kwacha.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa aphunzitsi a zachuma, ndipo chimakhudza mitundu yonse iwiri ya kawerengedweka. Iwo amati nthawi yobweza mpamba siona zimene zimachitika mpamba ukabwerera. N'zoona. Chigayo chimene chidzagwire ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ndi chimene chidzagwire zaka khumi zili ndi yankho limodzi, zaka zisanu ndi miyezi inayi, chonsecho si zofanana. Tikaphatikiza ndalama zochotsera za moyo wonse wa makina n'kuchotsapo mpamba, choyambacho chisiya pafupifupi K1,140,000 m'mphamvu ya lero, chachiwiricho pafupifupi K4,730,000. Ichi ndiye chiwerengero chimene mabuku amalimbikitsa, ndipo posankha pakati pa makina awiri amene onse akubweza mpamba, ndicho choyenera kugamula. Ubwino wake ndi wakuti amene wawerengera nthawi yochotsera ali nacho kale m'manja, amangopitiriza kuphatikiza mpaka chaka chomaliza. Chimene aphunzitsiwa sanenetsa ndi chakuti chotsutsa chao chimafooka chiwongoladzanja chikakwera. Pa 30 peresenti, K8,000,000 ya chaka chakhumi ndi K580,000 yokha ya lero, ndipo zaka zonse zotsatira, ngakhale chigayo chitakhala mpaka muyaya, sizingaonjezere zoposa K2,000,000. Zaka zakutali zimene kawerengedweka sikaona ndi zomwenso zili zopepuka pa sikelo. Ndiponso nthawi yochotsera siingavomereze makina otayitsa ndalama pa zaka zimene yawerengera: chigayo chosalimba chimene chidzathe pa zaka zinayi chimapambana mayeso achidule, koma m'mayeso ochotsera chimafa chitasonkhanitsa K17,330,000 yokha, chosafika pa mpamba.

Chotsutsa chomaliza ndi cha anthu ozolowera ntchito, amene amati ngakhale makampani aakulu amagwiritsa ntchito kawerengedwe kachidule, ndiye ife tivutikirenji. Umboni ulipodi. Mu 2001 John Graham ndi Campbell Harvey a ku yunivesite ya Duke ku Amereka anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa akuluakulu oyang'anira chuma 392, ndipo oposa theka ananena kuti amagwiritsa ntchito nthawi yobweza mpamba nthawi zonse kapena pafupifupi nthawi zonse, makamaka a m'makampani ang'onoang'ono. Chifukwa chake n'chomveka: wabizinesi amene sangabwereke mosavuta amasamala za tsiku limene ndalama idzabwerere m'manja kuti agulire katundu wina, ndipo zaka zakutali sazikhulupirira. Koma m'kafukufuku yemweyo pafupifupi atatu mwa anayi alionse ananena kuti amagwiritsanso ntchito njira zochotsera. Chinanso n'chakuti kukula kwa bodza la kawerengedwe kachidule kumadalira mtengo wa ndalama. Chigayo chathu chomwechi tikachiwerengera pa 10 peresenti chimabweza mpamba pa zaka zitatu, kusiyana kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha ndi yankho lachidule. Pa 30 peresenti kusiyanako ndi pafupifupi zaka zitatu. Amene ali kumene ndalama ndi yotsika mtengo angadumphe kuchotsera osavulala kwambiri. Kutengera chizolowezi chake kuno ndi kuvala malaya osokedwera thupi la munthu wina.

Kumene masamu abwino amakhotera

Ngakhale kawerengedwe kochotsera kamapereka yankho lolakwika manambala olowetsedwamo akakhala olakwika, ndipo pali malo atatu amene zimachitika kawirikawiri. Oyamba ndi nyengo. Amene akawerenge ndowa pa chigayo cha mnzake mu June, anthu atangokolola, n'kuchulukitsa ndi masiku 300, wawerengera chaka chimene kulibe. Mu January ndi February, nkhokwe zitatha, mzere umafupika, koma banki imafuna ndalama yake mwezi ndi mwezi mosayang'ana nyengo. Kuwerenga kuchitike m'miyezi yokolola ndi m'miyezi ya njala, ndipo amene ali ndi ngongole ayale masamu ake mwezi ndi mwezi kwa chaka choyamba. Malo achiwiri ndi zoonongeka zazikulu zobwera kamodzikamodzi. Mota ikapsa m'chaka chachitatu, ndalama yokonzetsera kapena yogulira ina ichotsedwe pa zotsala za chaka chimenecho, osati kuiwalika chifukwa choti sibwera chaka chilichonse. Mbali yabwino, ndalama imene makina ndi nyumba zingagulitsidwe pamapeto ilembedwenso m'chaka chake n'kuchotseredwa monga zina zonse. Malo achitatu ndi a amene ali kale ndi bizinesi ndipo akungoonjezera makina. Amene ali ndi chogaya n'kumaganiza zogula chokonola awerengere ndalama zoonjezereka zokha zimene chokonolacho chidzabweretse, kuphatikizapo madeya ogulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku ndiponso anthu atsopano amene adzakopeke, osati ndalama zonse za pamalopo zimene zinkabwera kale.

Pali chizindikiro chodziwira ngati masamu anali oona makina atayamba kale ntchito. Pakutha pa chaka choyamba, yerekezani zotsala zenizeni ndi chiwongoladzanja cha mpamba wonse. M'chitsanzo chathu nambala yoyang'ana ndi K6,000,000. Ngati zotsala zaposa pamenepo, dzenje likukwiririka, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati zachepera ndipo palibe chiyembekezo chenicheni choti zikwera, dzenje likukula, ngakhale pachigayo pakhale phokoso tsiku lonse ndi ndalama zodzaza m'kabati madzulo. Pamenepo ndi bwino kukweza mtengo, kudula zotuluka kapena kugulitsa makinawo akadali ndi mtengo, kusiyana n'kudikira chaka chachitatu chimene kawerengedwe kachidule kanalonjeza.

Chigamulo changa ndi ichi. Kawerengedwe kachidule ndi sefa yoyamba yokha: kamathandiza kutaya msanga makina amene nthawi yake yapitirira malire a 100 kugawa ndi chiwongoladzanja. Makina amene adutsa pamenepo awerengeredwe mochotsera, m'njira zitatu za mitengo zija, ndipo yankho liyerekezedwe ndi zinthu ziwiri, zaka zimene makinawo angakhale ndi zaka zimene wobwereketsa wapereka. Chigayo chobweza mpamba pa zaka zisanu ndi miyezi inayi chingakhale chabwino ngati chidzagaye zaka khumi, koma chogulidwa ndi ngongole ya zaka zitatu chidzafuna kuti mwini wake azitapa ndalama kwina kuti akwanitse kulipira. Inu amene mwalandira kale mtengo kwa wogulitsa makina, musanapereke ndalama khalani pansi ndi pepala, mulembe mpamba wonse, zotsala za chaka chilichonse ndi mtengo wa ndalama yanu, mugawe ndi kuphatikiza monga tachitira pano. Ngati tsiku lobweza mpamba silikupezeka papepalapo, silidzapezekanso pachigayo.